Za Keke ya Bulauni: Yofufuma Kapena Yonata

Lolani ndikusimbireni zimene zinandionekera kuno ku Milonde pamene tinali kuyembekeza alendo a chinkhoswe cha mwana wanga. Ndinafuna kuwakonzera bulauni, ndiyo keke yakuda ya koko, imene ubwino wake ndi kunata mkati monga mbatata yootcha bwino. Poyesa koyamba ndinachita monga ndichitira ndi chigumu: ndinamenya mazira anayi kufikira atachita thovu, ndinathira ufa wa tirigu wochuluka ndi soda, ndipo ndinaileka pamoto kufikira kamtengo kobayira katatuluka koyera. Inatupadi bwino, koma inali youma ndi yonyenyeka, yosamezeka popanda tiyi.

Amene anandilangiza ndi amalume anga, amene paunyamata wawo anali akhukhi ku esiteti ya tiyi. Atalawa anati, “Mwanawe, keke waphikadi, koma bulauni ayi.” Tsono anandifotokozera zinthu zitatu.

Choyamba ndi mazira. Dzira likamenyedwa limagwira mpweya, ndipo pamoto mpweyawo umatupitsa keke, choyera cha dzira n’kuuma ndi kulimbitsa timabowo take. Wofuna yonata athire mazira awiri okha, kapena atatu ngati ali aang’ono a nkhuku zakumudzi, nawasakanize pang’ono ndi mthiko. Soda asathire konse.

Chachiwiri ndi mafuta. Ufa wa tirigu ukakumana ndi madzi umagwirana nulimba, koma mafuta amaukuta nauletsa kutero. Chifukwa chake ufa usapose mafuta. Muyeso wawo ndi uwu: theka la kapu ya majarini wosungunula, kapu imodzi ya shuga, theka la kapu ya ufa, masupuni aakulu asanu a koko ndi kamchere.

Chachitatu ndi nthawi, ndipo apa m’pamene ambiri timaphonya. Pophika mumpoto, makala achuluke pa chivundikiro, pansi pakhale ochepa. Zikatha mphindi 20, bayani pakati ndi kamtengo. Kakatuluka ndi phala, sinapse. Bwezerani mphindi zitatu. Kakatuluka ndi tinyenyeswa tonyowa tomatirira, phulani msanga, pakuti kutentha kwa mpoto kumapitiriza kuphika ngakhale mutauchotsa pamoto. Kakatuluka koyera, mwachedwa: madzi atha, yasanduka keke wamba.

Pa tsiku la chinkhoswe ndinatsata zonsezi. Nditaphula pa mphindi 23 mtima unandigunda, popeza pakati pake panaoneka ngati posapsa. Amalume anandigwira dzanja nati, “Kuona maso a nkhono n’kudekha.” Itazizira kwa ola lathunthu inalimba yokha, nidulika bwino, ndipo apongozi anapempha chidutswa china chokapatsa ana kunyumba.

Sindinena kuti yofufuma ndi yoipa. Okonda yotero awonjeze dzira limodzi, ufa ndi kasoda pang’ono. Koma sankhani musanaswe dzira loyamba, pakuti makala akayaka simungasinthenso.