Ndalama za mbatata pa kauntala ya banki

Kuno ku Joni mwezi wa Juni ukafika, mphepo yake imandiwawa mosiyana ndi ya kwathu. Kwathu ku Bembeke kuzizira kumabwera ndi nkhungu yotsika m'mapiri, utsi wa chiwaya cha tchipisi m'mbali mwa msewu wa M1, ndi matumba a mbatata ya kachewere atasanjidwa kudikira malole a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuno kumangozizira basi.

Ndili m'malingaliro amenewa, achimwene anga aakulu adandiimbira mtima uli m'mwamba. Adagulitsa matumba 80 pa K50,000 thumba limodzi, ndipo ogula adalipira pamanja K4,000,000, mipukutu isanu ndi itatu ya ma K5,000. Atapita nazo kubanki pa boma la Dedza, mtsikana wa pa kauntala adawafunsa kuti ndalamazo zachokera kuti.

"Iwe mphwanga, andiyesa mbava ine? Sakuona manja angawa?"

Ndidamva chisoni, poti manjawo ndikuwadziwa, ong'aluka ndi khasu ndi chisanu. Koma mtsikanayo sadalakwe. Lamulo lothana ndi milandu ya zachuma la 2017 limakakamiza banki iliyonse kudziwa kasitomala wake, ntchito imene amagwira ndi kumene ndalama zake zimachokera. Ndalama zapamanja zikapyola mlingo woikidwa, banki imadziwitsa bungwe la FIA, ngakhale mwini wake akhale m'busa. Kunonso ndi chimodzimodzi: zikafika R50,000, lipoti limapita.

Chifukwa chake tonse tikuchikumbuka. Mu 2013, nthawi ya Kashigeti, ogwira ntchito m'boma ena adapezeka ndi mipukutu ya ndalama m'mabuti a galimoto, ndipo mabiliyoni adadutsa m'maakaunti a makampani omwe sadagwire ntchito iliyonse. Ndalama ya pepala ilibe dzina la mwini. Ya mbatata ndi yakuba zimafanana, koma yakuba ikangolowa m'banki imaoneka ngati ya thukuta. N'chifukwa chake funso limafunsidwa pakhomo, isanalowe.

Chidadzutsa funso kwa achimwene si kuchuluka kwa ndalama kokha. Akaunti yawo idazolowera tindalama tochepa timene ndimatumiza ine, ndipo potsegula sadalembetse zoti amalima mbatata yogulitsa. Banki idaona akaunti yogona ikudzuka ndi mamiliyoni anayi tsiku limodzi. Mlimi amapeza ndalama mwa nyengo, koma banki singadziwe zimenezi ngati sunaiuze.

Achimwene adati mawa lake azigawa, azikaika pang'onopang'ono, zina pa akaunti ya alamu anga. Apa ndidawaletsa kwamtuwagalu. Kudula ndalama m'zidutswa pofuna kuzemba mlingo ndi njira imene akuba amagwiritsa ntchito, ndipo makompyuta a banki amaphatikiza zonse zolowa m'masiku oyandikana. Zikatero banki imalemba lipoti la mtundu wina, la ndalama zokayikitsa, ndipo lamulo limailetsa kukuuza kuti yakulembera. Umangoona mafunso akuchuluka, mwina akaunti n'kuimitsidwa nthawi yogula feteleza ndi mankhwala a chiwawu.

Vuto lenileni n'loti pa Bembeke kapena pa Lizulu palibe amene amalemba lisiti. Wogula amafika ndi lole, mumakambirana, mumawerengerana ndalama mutatsamira matumba, basi. Komabe umboni udapezeka. Alamu anga ali ndi kope la sukulu limene amalembamo tsiku, matumba ndi mtengo. Malisiti a feteleza adali m'chikwama cha mabuku a tchalitchi. Wogulayo adavomera kulemba kakalata kokhala ndi dzina, nambala ya foni ndi nambala ya lole, ndipo wapampando wa kalabu ya alimi adaikirapo umboni. Achimwene adanyamula zonsezi pamodzi ndi chiphaso cha unzika, adalemba fomu yonena gwero la ndalama, n'kusinthitsa zolembedwa pa akaunti kuti zisonyeze kuti ndi mlimi wa mbatata amene amagulitsa akakolola. Ndalama zidalowa zonse pakamodzi.

Ndidawauzanso kuti chaka chamawa wogula wamkulu azilipira kudzera pa akaunti kapena pa foni, chifukwa pamenepo dzina la wolipira limaonekera lokha, ndipo sayenda ndi mamiliyoni m'jekete pa minibasi.

Chondipweteka n'chakuti zonsezi ndidazichita pa foni, mayunitsi akutha. Ndikadakhala kwathu ndikadawaperekeza, n'kuima nawo pamzere, pobwerera n'kudya nawo tchipisi cha mbatata yawo yomwe. Iwo akuti ndikabwera pa Khirisimasi ndidzawathandize kukonza kope lija kuti likhale ndi mizere yabwino, ndipo ndavomera.