Tchati cha miyezi 12 chiziyambira pa mvula

Anthu amene ali pa masitazi amabwera ku wailesi kwathu kuno ku Katete kudzabwereka kamakina kojambulira mawu, ndipo ine ndimapempha kuona tchati chawo. Amachitcha Ganti: miyezi 12 pamwamba, nchito zonse m'mbali kutsika pansi, kenaka mumadetsa timabokosi ta miyezi imene nchito iliyonse idzatenga. Zambiri zimaoneka bwino ngati masitepe, mwezi umodzi nchito imodzi. Tchati chotere sindichikhulupirira.

Mnzanga wina, mphunzitsi, akufufuza mmene alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amamverera mapulogalamu a ulimi. Buku lake lifunika kuperekedwa mu Disembala. Tisanalembe nchito ngakhale imodzi, tinayamba tadetsa zinthu zimene iye sangasunthe. Mvula imayamba mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Anthu amakhala kumunda, ndipo misewu yafumbi ya ku Vubwi imavuta. Kumapeto kwa Ogasiti kuli Kulamba ku Mkaika, ndiye mfumu imene mufuna ikuloleni kulowa m'midzi yake mwina simudzaipeza. Chilolezo cha komiti ya yunivesite yoona kuti ofunsidwa atetezedwa nachonso sichifulumira chifukwa inu mwafulumira, ndipo popanda icho simufunsa munthu. Tinachipatsa Malichi ndi Epulo, pulopozo itatha mu Febuluwale.

Choncho yoyenda m'midzi inatsala Meyi mpaka Julayi. Vubwi tinaiika poyamba. Sinda ndi Katete zili pamsewu waukulu wa Chipata, mukaphonya munthu mumabwererako mawa lake. Ku Vubwi ulendo wachiwiri ndi ndalama.

Pamene tinakangana ndi pa kulemba zimene wajambula. Iye anaika milungu iwiri. Ife a pawailesi tidziwa kuti ola limodzi la mawu limadya maola ngati 5 kuti mulembe liwu ndi liwu, makamaka agogo akamayankha ndi miyambi, nkhuku zikulira kumbuyo. Anthu 30, aliyense ola limodzi, ndi maola 150. Mphunzitsi amene amapeza maola awiri madzulo afunika masiku 75, osawerengera kumasulira m'Chingelezi. Mzere umenewu tinauyambitsa mu Juni, ulendo ukali mkati, mpaka Ogasiti. Ubwino wake ngwakuti funso limene alimi a ku Vubwi sanalimvetse mumalizindikira musanafike ku Sinda.

Seputembala ndi wosanthula mayankho, Okutobala wolemba machaputala otsala. Tinawonjezanso mzere umene ambiri saika: masiku amene chaputala chili m'manja mwa supavaiza. Milungu itatu pa chaputala, ndipo pansi pake nchito ina yoti azigwira podikira. Novembala tinamusiya woyera dala, wokonza zimene supavaiza adzabweza ndi inki yofiira.