Masiku 14 a pa lisiti

Anzanga a kuno kwa Changata, lisiti ikati katundu abwezedwe pasanathe masiku 14, werengani msanga. Mayi wina wothyola tiyi anagula nyale ya sola ku Limbe Loweruka pa 1 Malichi, koma batire silinkasunga moto. Kuwerenga kuyambira mawa lake, tsiku lomaliza ndi 15 Malichi. Wasitolo akayambira tsiku logulira, ndi pa 14. Lamulungu limalowanso m'chiwerengero, pokhapokha lisiti itanena kuti ndi masiku ogwira ntchito.

Pobweza nyaleyo, mayi uja analembera wasitolo kalata yoti: ndinagula pa 1, ndikubweza lero pa 10, malire ndi pa 14, ndikufuna K45,000 yanga. Analemba makalata awiri, wasitolo anasainira imodzi n'kulembapo deti, mayiyo n'kuisunga pamodzi ndi lisiti. Kungoimba foni sikusiya umboni, ndipo ambiri ndalama zimatithawira pamenepo.