Meseji si Ndalama

Ambili a ife tili na katundu amene timagulitsila pa foni. Wina amaika nsapato za salaula pa sitetasi, wina mawigi, wina makeke, ndipo malipilo amabwela pa Airtel Money, MoMo kapena Zamtel. Tinazolowela kuti foni ikalila, diso limathamangila pa nambala ya makwaca, basi tapeleka katundu. Cizolowezi cimeneci ndiye cimene akawalala a pa foni amadyelapo. Safunika kuthyola akaunti yathu. Amangofuna kuti tikhulupilile meseji, cotsala ticite tekha na zala zathu.

Tiyeni titenge citsanzo. Mtsikana wa ku Chawama agulitsa nsapato pa K350, ndipo mu foni mwake muli K620 ya oda ya mawa. Munthu amene sanamuonepo amulembela kuti wazikonda nsapatozo, sanenelela mtengo, angopempha nambala yotumilapo. Pakapita mphindi zocepa meseji ilowa: mwalandila K850. Akalibe kutsiliza kuwelenga, foni iyamba kulila. Mau ake ni aulemu, koma a munthu wovutika mtima. “Sisita pepani, nadina 8 m’malo mwa 3. Bwezani cabe K500, ni ya mankhwala a amai, nili pa famasi apa manje.”

Mtsikanayo atuma K500. Madzulo poona balansi apeza kuti yatsala pafupifupi K120, osati K970 imene anali kuyembekezela. K850 ija sinalowepo. Zimene wabweza ni ndalama zake za oda, ndipo ngati nsapato anapatsila kale mnyamata wa njinga amene anatumidwa kudzatenga, nazonso zapita.

Bodza limeneli lili na malo pamene limaonekela. Coyamba ni kumene meseji yacokela. Meseji yeniyeni imabwela na dzina la kampani ndipo imagwela pansi pa mameseji akale a ndalama. Yabodza kambili imacokela ku nambala wamba ya 097, 096 kapena 095, ndipo imakhala payokha. Caciwili ni balansi yolembedwa kumapeto. Kawalala sadziwa kuti mu foni munali K620, conco amalemba nambala yongopeka. Meseji yoona ikanaonetsa K1,470. Ikaonetsa K850 kapena K862, kapena ikapanda balansi m’pang’ono pomwe, masamu akana.

Koma zizindikilo ziwilizi sizokwanila. Pali ocenjela amene amatha kutuma meseji yooneka monga yacokela ku kampani, ndipo ena amabweleka foni ya wogulitsa kapena ya ejenti kuti aimbileko, n’kusungamo nambala yao na dzina la kampani. Cithunzi ca pa sikilini cimene amatituma pa WhatsApp ndiye cosadalilika kopambana, cifukwa aliyense wodziwa kukonza zithunzi angasinthe dzina na mtengo. Umboni ulipo umodzi cabe: kudula foni, kudina *115# tekha, na kuona balansi kapena kundandanda wa malipilo aposacedwa. Pa apu ni cimodzimodzi. Ngati ndalama sizionekela kumeneko, sizinabwele, olo wina alumbile kuti ni netiweki yacedwa. Netiweki ikacedwa, katundu nayenso ayembekeze.

Ndiye cifukwa cake woimba uja safuna kuti tidule foni. Amakamba mosalekeza, amachula odwala kapena malilo, nthawi zina amapatsila mnzake amene amadzicha wa ku kampani n’kutiopseza kuti layini idzatsekedwa tikapanda kubweza. Zonsezi ni zakuti tisapeze mphindi imodzi yodinila *115#. Ena amati atithandiza kubweza mosavuta, tingolowetsa PIN pa kauthenga kamene kabwele pa sikilini. Tikumbukile kuti polandila ndalama sitiika PIN. PIN imavomeleza ndalama kucoka, ndipo kauthenga kaja kangakhale pempho lotapa ndalama mu akaunti yathu pa buthi ina kutali.

Nanga tikaona balansi n’kupeza kuti ndalama zalowadi? Anthu amalakwitsa manambala zoona, ndipo sitifuna kudya za eni. Ngakhale n’telo, njila yabwino ni kuuza wotumayo aimbe ku 111 kuti kampani ibweze yokha, ife n’kuzisiya osazikhudza. Cifukwa cake n’cakuti ndalamazo zingakhale zabedwa kwa munthu wina, amene ananamizidwa kuti atume ku nambala yathu. Tikazituma ku nambala yacitatu imene woimba watipatsa, mwiniwake akadandaula, nambala imene ioneka kuti inalandila ni yathu. Munthu woona mtima sakana njila ya kampani. Amene aumilila kuti “tumilani pa iyi ya mkazi wanga” wadziulula yekha.

Tsopano ngati tatuma kale, nkhani yonse yagona pa nthawi. Kampani ingathe kugwila ndalama ngati zikali mu akaunti imene zapita, koma akawalala amazitapa kapena kuzipititsa ku nambala ina mwamsanga. Conco tisataye mphindi kuimbila kawalala kuti timutukwane kapena kumucondelela, kumeneko ni kumucenjeza cabe. Tiimbe ku 111 pomwepo, tisankhe za ndalama za pa foni, tinene mosazungulila kuti tabeledwa mwacinyengo. Adzafuna nambala ya malipilo, ija yolembedwa kuti Txn ID kapena Transaction ID mu meseji yeniyeni ya zimene tatuma, pamodzi na mtengo, nthawi, na nambala yolandila. Tipemphe nambala ya dandaulo lathu n’kuilemba papepala. Ngati PIN tinaiulula kapena tinaidina pa kauthenga kacilendo, tiisinthe tsiku lomwelo tisanaikemonso ndalama.

Meseji yabodza tisaifafanize na mkwiyo. Imeneyo, pamodzi na maceza a pa WhatsApp na dzina limene linaonekela potuma, ndiye umboni umene tidzapita nawo ku polisi titanyamula NRC. Kutenga ndalama mwa kunamiza munthu ni mlandu m’malamulo a dziko lino, ndipo lipoti ya polisi imathandiza kuti nkhani ilondoledwe ku kampani. Nambala ya kawalala tiinenezenso ku ZICTA podina *707#, kuti ifufuzidwe isanalume wina. Tidziwe cabe kuti dzina loonekela potuma silikhala la kawalala nthawi zonse, cifukwa masimu ambili otele amalembetsedwa na ma NRC a anthu osadziwa kanthu. Kuika dzinalo pa Facebook kungaipitse munthu wosalakwa. N’cifukwa cakenso ni bwino kudina *101# kuti tione manambala olembetsedwa pa NRC yathu.

Tikambe cilungamo: ndalama zikatapidwa kale, kambili sizibwelela. Ndipo apa m’pamene pamabwela msampha waciwili. Pakapita tsiku kapena awili, wina aimba kuti ni wa ku kampani kapena wapolisi, ndalama zathu zapezeka, tingotuma K100 yotsegulila faelo kapena tichule manambala amene abwela pa meseji. Kambili ni gulu limodzimodzi, cifukwa ndiwo adziwa kuti tinaluza zingati. Kampani siitanitsa PIN, ndipo silipilitsa munthu pa nambala ya wina kuti imubwezele ndalama zake.

Manyazi ndiwo amacititsa ambili kukhala cete mpaka dzuwa litalowa, pamene mwai wogwila ndalama unali m’mphindi zoyambilila. Wakuba anakonzekela nchito yake, anayeseza mau ake pa anthu ambili asanafike kwa ife. Cathu n’cocepa: kudula foni, kudina *115#, na kuwelenga tekha kuti 620 kuikapo 850 ni zingati.