Funso la Mirathi Pamaso pa Mashehe

Ife amene timaphunzitsa m'madrasa a m'mbali mwa nyanja timadziwa phunziro limene ophunzira aakulu amaliopa kwambiri pa mayeso a pakamwa. Ndi mirathi, kagawidwe ka chuma cha masiye. Pa mayeso olemba munthu amafufuta n'kuyambiranso, koma pamaso pa mashehe mawu akatuluka atuluka, ndipo woyesa amamanga funso lake lachiwiri pa yankho loyambalo. Mantha amenewa ali ndi chifukwa chake, pakuti wopambana mayesowa ndiye amene mawa adzaitanidwe pakhomo pamene pagwa maliro, kukauza mayi wamasiye ndi ana ake chimene chili chawo.

Ophunzira ambiri amakonzekera poloweza. Amaloweza aya ya 11, ya 12 ndi ya 176 za Sura ya Nisai, ndipo magawo asanu ndi limodzi otchulidwa m'Kurani amawanena osapunthwa. Zimenezi n'zofunika, koma woyesa wodziwa ntchito yake sakhalitsa pamenepo. Iye amatchula banja, n'kukuuza kuti ugawe. Ukagawa bwino amachotsapo munthu mmodzi kapena kuwonjezerapo wina, n'kukuuza kuti ugawenso. Choncho timakonzekeretsa ophunzira athu ndi banja limodzi lokha, limene timalisintha pang'onopang'ono, iwo akuyankha mokweza mawu ali chiimire.

Banja lake ndi ili. Msodzi wamwalira, wasiya mkazi, ana aakazi awiri, mayi ake ndi bambo ake. Bwato, chilimira ndi zina zonse zagulitsidwa pa K3,000,000. Wophunzira wofulumira amayamba pomwepo kugawa, ndipo ameneyo wagwa kale. Yankho labwino limayamba ndi mafunso: kodi zoyendetsera maliro zachotsedwa, kodi malemu adasiya ngongole, kodi adasiya wasiya? Dongosolo lake ndi lomwelo, maliro, ngongole, wasiya, ndipo olowa m'chuma amabwera pambuyo. Mashehe ena amabisa ngongole dala kuti aone ngati wophunzira aifunsa. Tiyerekeze kuti maliro ndi ngongole zatenga K300,000, wasiya palibe, ndipo zatsala K2,700,000.

Tsopano wophunzira atchule gawo la aliyense pamodzi ndi chifukwa chake. Mkazi alandira gawo limodzi mwa magawo 8 chifukwa malemu wasiya ana. Ana aakazi awiriwo alandira magawo awiri mwa atatu chifukwa alibe mlongo wawo wamwamuna. Mayi alandira gawo limodzi mwa 6, bambonso chimodzimodzi. Tikaika zonsezi pa magawo 24, mkazi atenga 3, ana atenga 16, mayi 4, bambo 4. Apa timamusiya wophunzira awonkhetse yekha, ndipo timayang'ana nkhope yake pamene wapeza 27. Chuma chili ndi magawo 24 koma ochifuna akufuna 27.

Amene sadakumanepo ndi zimenezi amaganiza kuti walakwitsa masamu, amabwerera kukasintha gawo la bambo kapena la mkazi, n'kuwononga yankho limene linali lolondola. Amene adaziyeserera amanena modekha kuti iyi ndi nkhani ya auli: magawo akapyola, chuma chimagawidwa pa chiwerengero chatsopanocho kuti aliyense achepekedwe molingana ndi gawo lake. K2,700,000 tikaigawa pa 27, gawo lililonse ndi K100,000. Mkazi alandira K300,000, mwana aliyense K800,000, mayi K400,000, bambo K400,000. Funso lotsatira timalidziwiratu: "Iwe wati mkazi alandira gawo limodzi mwa 8, nanga bwanji wamupatsa limodzi mwa 9?" Wophunzira ayankhe kuti kuchepako kwagwera onse, osati mkazi yekha, ndipo aonetse ndi ndalama za mayi, zimene zikadakhala K450,000 pakadapanda auli.

Akafika apa timachotsa ana onse awiri, n'kunena kuti malemu adalibenso abale obadwa nawo. Mkazi akwera kufika pa gawo limodzi mwa anayi, K675,000. Pafupifupi aliyense amathamangira kupatsa mayi gawo limodzi mwa atatu a chuma chonse, K900,000, chifukwa ndi mmene adalowezera. Koma pamene otsala ndi mkazi, mayi ndi bambo okha, mayi amalandira gawo limodzi mwa atatu a zotsala mkazi atatenga zake, monga adagamulira Khalifa Umari, Allah asangalale naye. Zotsalazo ndi K2,025,000, choncho mayi atenga K675,000 ndipo bambo K1,350,000. Wophunzira amene wagwa m'dzenje limeneli kamodzi pakhonde la madrasa, anzake akumuseka, sagweramonso pa tsiku la mayeso. N'chifukwa chake sitimuchenjeza lisanamugwere.

Woyesa wa masiku oyesererawa asakhale wachifundo. Timasankha mnzake wa wophunzirayo kapena mwalimu wina, n'kumulamula kuti azidula mawu pakati, azifunsa umboni wa gawo lililonse, ndipo nthawi zina azitsutsa yankho lolondola. Chomalizachi chimaulula zambiri. Wophunzira akauzidwa kuti, "Mwana wanga, waganiza bwino pamenepa?" n'kusintha yankho nthawi yomweyo, timadziwa kuti adangoloweza. Amene wamvetsa amati, "Shehe, ndiloleni ndibwereze njira yanga," n'kuyendamonso mwaulemu mpaka kufika pomwe adafika poyamba.

Funso lovuta koposa silikhala la masamu, ndipo oyesa a kuno kwathu salilumpha kawirikawiri. Ambiri a ife tidakulira m'mabanja a chikamwini, momwe malume ndiye mwini mbumba ndipo mwana wa mlongo amayembekeza kulowa m'malo mwake. Shehe amafunsa kuti, "Mwana wa mlongo wa malemu wakhala akupalasa bwatoli zaka khumi, ndipo abale akuti ndi lake. Uwauza chiyani?" Pali mayankho awiri amene timawakana pokonzekera. Wina amanyoza mwambo wa makolo ake ndi mawu aukali, ndipo oyesa amaona kuti munthu wotere akakoleza moto pamaliro. Wina amazemba, n'kunena kuti banja ligwirizane lokha, ngati kuti sadaphunzire kanthu.

Yankho limene timaliyeserera limayenda motere. Mwana wa mlongo alibe gawo la mirathi pamene ana ndi makolo a malemu alipo. Koma ngati malume ake adali asanamulipire ntchito yake, imeneyo ndi ngongole, ndipo ilipidwa chuma chisanagawidwe. Ngati adaikapo ndalama zake pogula chilimiracho, mbali imeneyo ndi yake kale, si ya masiye. Ngati malemu adamulembera wasiya, alandira, bola isapyole gawo limodzi mwa atatu a chuma chotsala ngongole zitalipidwa. Ndipo olowa m'chuma amene ndi akuluakulu akhoza kumupatsa mwa kufuna kwawo kuchokera pa magawo awo, koma palibe amene angapereke gawo la mwana wamng'ono wamasiye. Woyesa akafunsanso za munda umene malemu ankalima kuchikamwini, wophunzira ayambe wafunsa ngati mundawo udali wake, pakuti chimene sichidali cha malemu sichilowa m'mirathi.

Yankho limeneli timalibwereza kawiri, koyamba ndi mawu a m'mabuku monga aliyankhire kwa mashehe, kachiwiri m'Chichewa kapena m'Chiyao chapamudzi, mnzake atakhala pamphasa ngati mayi wamasiye amene sadziwa chimene auli ili. Kachiwirika n'kumene ambiri amachita chibwibwi, ndipo timawabwezera pomwepo mpaka wokhala pamphasayo atanena yekha ndalama zimene alandire ndi chifukwa chake.