Malaya oyera m'dera la katondo

Ndimachapa zovala za anthu pano pa Cassacatiza, chakuseri kwa msewu waukulu wochokera ku Tete, pafupi ndi chipata cholowera ku Chanida m'dziko la Zambia. Amene amandibweretsera ntchito ndi aphunzitsi, anyamata othandiza madalaivala kulemba mapepala a katundu, madalaivala eniake akamadikira kuwoloka, komanso amayi amene yunifolomu ya mwana yawakanika. Amayiwa safika ndi chovala chimene changodetsedwa kumene. Amafika atayesa kale zonse, ndiye funso langa loyamba silikhala la mtengo ayi. Ndimafunsa kuti, "Mayi, mwathirapo chiyani, ndipo mwasita kale kodi?"

Ndimafunsa choncho chifukwa mabanga ambiri amene amakanirira kuno amakhala atakhwimitsidwa ndi zinthu ziwiri: jiki, amene ena amati javele, ndi nsimbi yamoto. Anthu amakhulupirira kuti chilichonse chimene chadetsa malaya oyera chimamva jiki. Pali zina zimene zimamvadi, monga madontho akuda a nkhungu amene amabwera chovala chikasungidwa chonyowa m'nyengo ya dzinja. Koma mdani wathu wamkulu kuno ndi chitsulo, ndipo chitsulo sichiopa jiki.

Chitsulo chimenechi chimafika pa malaya m'njira zitatu. Chili m'dzimbiri la waya woyanikira, la msomali wa pakhoma ndi la mabenchi a kusukulu. Chili m'dothi lofiira la katondo, pakuti kufiira kwakeko ndi dzimbiri lomwelo losakanikirana ndi dothi. Chilinso m'madzi a mijigo ina: mumatunga ali mbee, koma akagona m'ndowa mumapeza pansi pali tinsenga tofiirira. Mukathira jiki m'madzi otere, chitsulo chimene chinali chosungunuka chimasanduka dzimbiri nthawi yomweyo n'kukakamira mu ulusi. Malaya amatuluka achikasu thupi lonse, mwini wake n'kuganiza kuti jiki anachepa, n'kuwonjezera wina. Chikasucho chimangokulirakulira.

N'chifukwa chake ntchito yanga imayambira pa madzi. M'dzinja ndimatchera madzi a mvula pa malata, oyambirira ndimataya chifukwa cha fumbi, otsatirawo ndimasungira zoyera zokha. Sopo amachita thovu msanga m'madzi amenewa. M'chilimwe ndimatunga madzulo, n'kusiya ndowa yosavundikira usiku wonse, m'mawa n'kutsanulira apamwamba m'beseni pang'onopang'ono osavundula. Otsalira pansiwo ndi othirira pabwalo.

Ndifotokoze za malaya amodzi kuti muone ndondomeko yake. Mwezi wa Febuluwale, sukulu zitangotsegulira, mayi wina anabwera ndi malaya oyera a mwana wake wa ku sekondale. Anali ndi mavuto atatu. Pansi pa thumba panali inki ya bolopeni yotakata ngati chala chamanthu. Paphewa panali mzere wa dzimbiri wochokera ku waya. Kolala inali yakuda ndi thukuta ndi mafuta odzola. Mwamwayi anali asanasite.

Ndinayamba ndi inki, malaya ali ouma. Inki ya bolopeni simva madzi. Ukayinyowetsa ndi kuitikita ndi sopo imangofalikira. Chimene chimaisungunula ndi sipiriti, kapena sanitaiza wa m'manja amene anafala mu 2020. Ndinatembenuza malaya, banga n'kuligoneka chafufumimba pa kansalu koyera kakale kopindapinda. Kenako ndinanyowetsa thonje ndi sipiriti n'kumadinda kumbuyo kwa bangalo, kuyambira m'mphepete kupita pakati. Kudinda, osati kupukuta. Inki imatsikira m'kansalu ka pansi, ndipo kakangoda umasuntha kuti pakhale poyera, apo ayi inkiyo ibwereranso m'malaya. Zimatenga nthawi, ndipo munthu wopupuluma amalekera panjira. Kansalu kataleka kuda, ndinapaka sopo wamtanda pamalopo n'kutsukuluza ndi madzi ozizira. Sipiriti wa mtundu wapepo uja amasiya kamtundu kake, choncho usamulole kuumira pa nsalu. Ena amafunsa za kachasu. Wamutu amayesako, koma wotsatira amakhala ndi madzi ambiri, amangotambasula banga. Ndipo zonsezi zichitikire kutali ndi mbaula.

Dzimbiri ndiye ntchito imene ndimaikonda, chifukwa mankhwala ake ali pamtengo. Ndinanyowetsa paphewapo, ndi kuthirapo mchere wosinja wokwana supuni yaing'ono, n'kufinyirapo ndimu mpaka mcherewo utanyowa bwino. Kenako ndinayala malayawo padzuwa, pa pulasitiki yoyera. Chimene chimagwira ntchito ndi kuwawasa kwa ndimu, komwe kumasungunula dzimbiri kuti lichoke ndi madzi. Mchere umangogwiriza madzi a ndimuwo pamalo amodzi, dzuwa n'kumafulumizitsa. Chinsinsi n'chakuti pasaume. Pakayamba kuuma umadontheza ndimu wina. Patapita ola limodzi mzerewo unali utasanduka wachikasu chofwifwa. Nditatsukuluza n'kubwereza kachiwiri, unatha. Dzimbiri lakale limafuna kubwereza kangapo, ndipo likakhala kuti lakhalitsa miyezi, nthawi zina limachoka n'kusiya kabowo, chifukwa linadya kale ulusi. Izi ndimamuuziratu mwini chovala ndisanayambe. Ndimu akasowa, viniga woyera amathandiza, ngakhale mphamvu yake pa dzimbiri ndi yocheperapo.

Pa malaya a buluu a ana a pulayimale ndimu ndimamusamala. Ndimayamba ndayesa kunsi, mbali imene imapisiridwa m'kabudula, ndipo sindiyanika padzuwa lamphamvu. Ukapanda kutero, dzimbiri lichoka koma patsala chigamba chotuwa chimene chimaoneka patali kuposa dzimbirilo.

Kolala inabwera pomaliza, ndipo apa mankhwala amatembenuka. Litsiro la m'khosi ndi mafuta, ndipo mafuta amamva sopo ndi soda, yemweyu wothira m'therere. Ndisanafike pamenepa ndinatsukuluza ndimu yense, chifukwa ndimu ndi soda zikakumana zimangochita thovu n'kuphana mphamvu. Anthu akaona thovulo amasangalala kuti mankhwala akugwira, pamene zimene zatsalapo n'zosathandiza. Ndinapaka sopo wamtanda pa kolala ndi m'khwapa, n'kuwazapo soda, n'kusiya kwa theka la ola. Kenako ndinatikita ndi mswachi wakale motsatira ulusi. Pamwala sindikhulapo kolala, chifukwa ndi pamene malaya amayambira kuthetheka. Ndikafuna kuviika malaya onse, ndimathira masupuni akuluakulu awiri a soda m'madzi ofunda okwana malita 5 pamodzi ndi sopo waufa pang'ono. Amayi athu ankagwiritsa ntchito chidulo cha phulusa, ndipo chimadula mafuta ndithu, koma chiyenera kusefedwa mpaka chiyere, ndipo chimalusa m'manja.

Kuyeretsa komaliza ndimasiyira dzuwa. Ndimapaka sopo malaya onse, osatsukuluza, n'kuwayala pa pulasitiki kapena pa udzu wouma bwino, n'kumawaza madzi akayamba kuuma. Pakatha maola awiri ndimatsukuluza katatu. Sopo wotsalira mu nsalu ndi amene amasanduka wachikasu pansi pa nsimbi, ndiye madzi omaliza ayenera kutuluka opanda thovu. Poyanika ndimagwiritsa ntchito chingwe cha nayiloni, ndipo ndimayanika m'mawa kuseri kwa nyumba, chifukwa mathiraki opita ku Beira akayamba kusuntha m'chilimwe, fumbi lake limamatirira pa chovala chonyowa.

Mayi uja anabwera madzulo, n'kuyang'ana thumba polunjika kuwala. Panali kamthunzi kakang'ono kamene munthu sangakaone pokhapokha atauzidwa. Anati, "Amayi, bwanji osangothirapo jiki pang'ono kuti katheretu?" Ndinawauza kuti malaya a sukulu ambiri a masiku ano ndi osakaniza thonje ndi poliyesitala, ndipo nsalu yotere jiki akachuluka imachita chikasu chimene sichibwerera. Kamthunziko kamatha kokha pochapa kawiri katatu.

Sikuti jiki ndilibe. Ndimamusungira nkhungu ndi malaya a thonje lenileni, masupuni awiri m'malita 5 a madzi ozizira a mvula, kwa mphindi zosaposa 10, n'kutsukuluza kwambiri. Sindimuthira pa nsalu mwachindunji. Ndipo jiki asakumane ndi ndimu kapena viniga m'beseni limodzi, ngakhale motsatizana usanatsuke beseni. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya woipa umene umawotcha maso ndi m'chifuwa, ndipo m'bafa lotsekeka ungagwetse munthu.

Matope a katondo, amene ana amabwera nawo tsiku lililonse la mvula, amafuna kuugwira mtima. Mwana akafika, musathamangire kuviika. Asiyeni aume, muwakunthe ndi kuwapala ndi mswachi, dothi lambiri ligwe lokha. Mukatikita ali aawisi mumalowetsa dothi mkati mwa ulusi. Kenako tsukuluzani ndi madzi ozizira kuchokera kumbuyo kwa nsalu, pakani sopo, ndipo kufiira kotsalako mukuchite monga dzimbiri, ndi ndimu. Magazi a kamfuno kapena a chilonda ndi osavuta akakhala atsopano: madzi ozizira, mchere pang'ono, kenako sopo. Madzi otentha amawaphika, ndipo akapsa amasanduka banga lodera losachoka.

Nsimbi ya makala imachita chimodzimodzi ku banga lililonse lotsalira. Kusita sitingakuleke, chifukwa kutentha kwa nsimbi ndi kumene kumapha mazira a ntchentche zija zoikira pa zovala zoyanika, zimene zimabweretsa mphutsi pakhungu la ana. Koma ndisanasite ndimayang'ana chovala chili chouma, panja powala. Chikakhala chonyowa banga limabisala. Likaonekabe, chovalacho chibwerera m'beseni.

Pali mabanga amene sindilandirira ndalama. Utomoni wa nthochi suoneka tsiku limene wadonthera. Umadzatuluka wodera pambuyo pochapa ndi kuyanika, ndipo ukatero wakhazikika. Utomoni wa mango osapsa, amene ana amathyola mu Novembala n'kubisa m'malaya, nawonso ndi wokanika ukagonera. Ukaupeza tsiku lomwelo, sopo wambiri ndi madzi ozizira amachepetsa. Ukakhala wakale ndimawauza makolo kuti asawononge sopo. Banga likakhala pachifuwa chakumanzere, telala amatha kukweza kapena kukulitsa thumba kuti liphimbike. Likakhala kwina, malayawo akhale ovala popita kumunda, ndipo mwana auzidwe kuti akaweruka ayambe wavula yunifolomu asanakwere mumtengo.