Kalata imene inandilowetsa m'chipinda cha mayeso

Ndikuyamika Mulungu kuti ndinalemba mayeso m'chaka chimene kwathu sitinakolole ngakhale thumba limodzi la chimanga. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola munda wathu ku Phalombe, pamodzi ndi khola la mbuzi zimene bambo ankagulitsa pondilipirira fizi. Pa fizi ya semesita imeneyo panatsala K180,000, ndipo lamulo la pakoleji linali lakuti amene sanamalize kulipira salemba mayeso.

Ndinakadandaula kwa mayi amene ankayang'anira za ophunzira. Anandimvetsera mpaka nditamaliza, kenako anati, "Mwanawe, misozi silowa m'failo. Lemba kalata tsiku lomaliza lisanakwane. Usapemphe kuti akukhululukire ngongole, chifukwa mphamvu imeneyo ofesi ino ilibe. Pempha nthawi."

Kalatayo ndinalembera mlembi wamkulu wa koleji, kudzera kwa mayi omwewo, ndipo inakwana tsamba limodzi. Pamwamba ndinaika dzina, nambala yanga ya pasukulu ndi maphunziro amene ndinkachita. Za tsokalo ndinafotokoza m'mizere itatu yokha: tsiku limene madzi anabwera ndi zimene anatenga. Mtima unkafuna kulemba zonse, ngakhale za amayi anga akufukula mapoto m'matope, koma owerenga kalata zotere amafuna kudziwa chimodzi: ndalamayo ibwera liti, ndipo ichokera kuti?

Apa ndi pamene ndinakhalitsa. Amalume anali atanditumizira K60,000, ndipo ndinakaiponya kubanki ndisanalembe n'komwe, kuti ndinene zimene ndachita kale osati malonjezo okha. Yotsalayo ndinaigawa pawiri. Theka loyamba ndinati ndilipira pakutha pa Julayi, kuchokera pa ganyu yophunzitsa ana pa tchuthi. Linalo pakutha pa Sepitembala, bambo akagulitsa nandolo wa m'munda wakumtunda umene madzi sanafikeko. Nandolo kwathu amauma cha m'ma Ogasiti, choncho kulonjeza tsiku la pafupi kukanakhala kunama, ndipo amene waphonya tsiku lodziikira yekha savomerezedwanso kachiwiri.

Ndinamatako risiti ya kubanki ndi kalata ya amfumu, ya chidindo, yotsimikiza kuti banja lathu linali m'gulu la okhudzidwa. Ndinajambulitsa zonse, ndipo mlembi wa muofesi anadinda tsiku pa pepala langa lotsala. Chidindo chimenechi chinandipulumutsa, pakuti mndandanda wa oletsedwa mayeso utatuluka, dzina langa linali pomwepo: yankho linali lisanafike ku ofesi ya zachuma. Nditaonetsa pepala lija, anafufuza, napeza kuti pempho linavomerezedwa, kungoti zotsatira za mayeso azisunga mpaka nditamaliza kulipira.

Nandolo anagulidwa pamtengo wotsika kuposa umene tinkayembekeza, ndipo bambo anaonjezerapo nkhuku zawo. Ngongole inatha Sepitembala asanathe, ndipo zotsatira zanga anandipatsa sabata yomweyo.